Kalata ya kwa Principal isapite kwa Principle

Pasukulu ya sekondale yakumudzi, ntchito ya mphunzitsi wa Chingerezi siithera m'kalasi. Kalata iliyonse yotuluka pasukulu imayamba yadzera m'manja mwake: yopempha aphunzitsi owonjezera, yopempha tchuthi chokaphunzira, yothokoza bungwe lomwe latipatsa mabuku, yochitira umboni mwana amene akufunsira malo kukoleji. Ahedi amangoti, "Aphunzitsi, taiponyeni diso iyi tisanadinde." Ine ndaponya diso pa makalata ambiri, ndipo pali mawu anayi omwe amabwerabwera ngati chimfine cha mu Juni. Mawuwa ndi principal ndi principle, komanso complement ndi compliment.

Amene amawasokoneza si anthu osaphunzira ayi. Ndawapeza atasemphana m'makalata a aphunzitsi a madigiri, m'makalata ochokera kumaofesi, ngakhale pa chikwangwani cha pakhomo la ofesi ina yomwe sindiitchula. Gwero lake ndi khutu. M'Chichewa tinazolowera kulemba monga momwe timayankhulira, ndipo khutu silitinamiza kawirikawiri. Vuto lathu limakhala lina, la mawu olembedwa mofanana koma omveka mosiyana, monga mtengo womera m'munda ndi mtengo wa katundu pamsika. M'Chingerezi zinthu zatembenuka. Principal ndi principle amamveka chimodzimodzi ngakhale pakamwa pa Mngerezi weniweni, ndipo complement ndi compliment nawonso ndi choncho. Ife tonse timangoti "pulinsipulo" ndi "kompulimenti", basi. Ndiye malangizo aja timapereka kwa ana, akuti werenga kalata yako mokweza kuti umve polakwika, apa sagwira ntchito. Mukhoza kuiwerenga kakhumi, khutu lidzavomera kakhumi.

Kufananaku sikunachitike mwangozi. Principal ndi principle onse anachokera ku tsinde limodzi la Chilatini lotanthauza choyamba kapena chotsogola. Complement ndi compliment nawonso ndi a bere limodzi, ochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kudzaza, kungoti compliment anayenda njira yaitali, kudzera m'Chisipanishi, Chitaliyana ndi Chifalansa, nafika m'Chingerezi atasintha tanthauzo n'kukhala mawu aulemu. Ndi mapasa, ndipo mapasa sawasiyanitsa poyang'ana nkhope mothamanga.

Njira yomwe ndaiona ikugwira ntchito kwa ana ndi kwa akulu omwe ndi yobwerera ku chiyankhulo chathu. Mukafika pa amodzi mwa mawuwa, imani, mudzifunse kuti, kodi pamenepa m'Chichewa ndikanati chiyani? Chingerezi chinasonkhanitsa mawuwa m'kamvekedwe kamodzi, koma Chichewa chinawaika kutalikutali, ndipo palibe Mmalawi amene angasokoneze "mkulu" ndi "mfundo".

Tiyambe ndi awiri oyambawo. Ngati yankho lanu lili ndi kukula kapena kutsogola mkati mwake, monga mkulu wa koleji, chifukwa chachikulu, cholinga chachikulu, mawu ake ndi principal, othera ndi al. Ngati yankho ndi mfundo, lamulo kapena chikhulupiriro chomwe munthu amayendera, mawu ake ndi principle, othera ndi le. Mkulu wa koleji yophunzitsa aphunzitsi kapena ya ntchito zamanja ndi Principal. Mlembi wamkulu wa unduna ku Capital Hill ndi Principal Secretary, chifukwa ndi mlembi wamkulu, osati mlembi wa mfundo. Koma mphunzitsi amene wakana kuonetsa ana mayeso asanalembe, wakana chifukwa cha mfundo zake, ndipo zimenezo ndi principles.

Pali kamwambi ka Chingerezi komwe kali m'mabuku ambiri, kakuti mkulu wa sukulu ndi pal wako, kutanthauza mnzako, choncho mawu ake amathera ndi pal. Ine kamwambi kameneka sindikakonda kwenikweni. Choyamba, ana athu mawu akuti pal sawagwiritsa ntchito, ndiye ukuwapatsa mawu achilendo kuti akumbukire mawu ena achilendo. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, kamangothandiza pomwe tikunena munthu. Mwana amene waloweza kamwambika amaganiza kuti principal ndi munthu basi, kotero akafika pa "chifukwa chachikulu" amati apa palibe munthu, n'kulemba principle reason. Kulakwitsa kumeneku ndiko ndimakupeza kwambiri m'makalata a akuluakulu. Mawu a pamwamba pa kalata ambiri amawakhoza. Amagwa m'kati mwa kalata.

Apa galamala imathandiza. Principle ndi dzina basi, sagwira ntchito yofotokoza dzina linzake. Principal amatha kukhala dzina, amathanso kukhala mfotokozi. Ndiye mukaona mawuwa ataima kutsogolo kwa dzina lina n'kumalifotokoza kuti ndi lotani, monga kutsogolo kwa reason, aim, cause, source kapena objective, musataye nthawi, ndi principal. Yesani kuchotsa mawuwo n'kuikapo main. Ngati chiganizo chikumveka, main reason, main aim, mwatsimikiza. Ngati main akukana koma rule kapena belief akulowa, ndi principle.

Aphunzitsi anzanga a sayansi ndi masamu ali ndi mwayi, chifukwa mawu onse awiri ali m'mabuku awo. M'buku la fizikisi muli Archimedes' principle ndi principle of moments, omwe ndi malamulo a chilengedwe. M'buku lomwelo, pa mutu wa magalasi ndi kuwala, muli principal axis ndi principal focus, mzere waukulu ndi malo aakulu okumanirana kuwala. Ku masamu, powerengera chiwongoladzanja timalemba I = PRT/100, ndipo P ameneyo ndi principal, ndalama zenizeni zomwe munthu wabwereka kapena wasungitsa, chiwongoladzanja chisanalowepo. Mukabwereka K50,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse pachaka kwa zaka ziwiri, chiwongoladzanja ndi K10,000, ndipo K50,000 ija ndiye principal. Tanthauzo lachitatuli limaiwalika, koma limafunika pomwe msungichuma wa gulu la aphunzitsi losungitsa ndi kubwereketsa ndalama akulemba kalata yokumbutsa munthu ngongole. Nalonso likugwirizana ndi muyeso wathu uja: pa ngongole, ndalama yaikulu ndi yomwe unatenga, chiwongoladzanja ndi mwana wake.

Tsopano titenge kalata imodzi tiyende nayo. Tiyerekeze kuti sukulu ikulembera mkulu wa koleji ina, kupempha kuti atitumizire ophunzira ake odzayeserera kuphunzitsa teremu ikubwerayi. Ziganizo zisanu izi ndazisonkhanitsa kuchokera ku zomwe ndimakumana nazo, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza:

The Principle,

The principle reason for this request is that our staff compliment is nine against 480 learners.

The school committee has agreed in principal to provide accommodation.

Your students will compliment the work of our science teachers.

We complement you on the conduct of the group you sent last year.

Ndi maso othamanga, kalatayi ndi yabwino ndithu, ndi yaulemu, ndipo mfundo zake ndi zomveka. Koma mwa malo asanu ndi amodzi pomwe mawu athu aonekera, palibe ngakhale amodzi okhoza.

Mzere woyamba: tikulembera yani? Mkulu wa koleji. Mkulu, ndiye The Principal. Monga ilili, kalatayi ikupita kwa "Mfundo". Mzere wachiwiri: chifukwa chachikulu, main reason akumveka, ndiye principal reason. Mzere wachitatu ndi womwe umapusitsa anthu amene angodzudzulidwa kumene pa mizere iwiri yoyambayo, chifukwa tsopano dzanja lazolowera al. Kodi komiti yagwirizana mwa mkulu? Ayi. Yavomereza mfundo yake, ngakhale tsatanetsatane, monga nyumba iti ndi ndalama zingati, sanakambirane. Ndiye ndi in principle. Mawu awiriwa amayendera limodzi nthawi zonse, ndipo in principal kulibe m'kalata yotere. Ndionjezepo kuti in principle ndi on principle si amodzi. Oyambawo akutanthauza kuti tavomera ganizolo koma zambiri zikadali m'tsogolo. Achiwiriwo akutanthauza kuti ndachita kapena ndakana chifukwa cha chikhulupiriro changa. Ahedi akalemba kuti avomera in principle, musayambe kusamutsa katundu.

Zotsalazo ndi za mapasa achiwiri. Muyeso ndi womwewo. Ngati m'Chichewa mukanati kukwaniritsa, kudzaza pomwe paperewera, kuthandizana kuti chinthu chikhale chathunthu, mawu ake ndi complement, okhala ndi e pakati. Ngati mukanati kuyamikira, kutama kapena kupereka moni waulemu, ndi compliment, okhala ndi i. Chokumbukira chake n'chapafupi, ndipo ichi ndimachivomereza chifukwa ana amachidziwa kale: complement amayamba ngati complete, zilembo zisanu ndi chimodzi zoyambirira ndi zomwezo, ndipo tanthauzo ndi lomwelo la kukwanira. Ku masamu ngodya ziwiri zomwe zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 90, monga 35 ndi 55, zimatchedwa complementary angles, chifukwa ina imakwaniritsa inzake. Maphunziro aja a Unduna wa Zamaphunziro othandiza ana omwe anasiyira sukulu ya pulayimale panjira amatchedwa Complementary Basic Education, chifukwa amadzaza mpata womwe sukulu zanthawi zonse zasiya. Sayamikira aliyense.

Tibwerere ku kalata ija. Ophunzira a kukoleji akubwera kudzatani kwa aphunzitsi athu a sayansi? Kudzathandiza pomwe paperewera. Ndiye will complement the work. Monga zalembedwera, tikupempha koleji kuti ititumizire anthu odzaima kumbuyo kwa kalasi n'kumati, "Aphunzitsi, mwaphunzitsa bwino zedi," pomwe ife tikufuna wogwira choko. Mzere womaliza watembenuka: tikuyamikira mkuluyo chifukwa cha khalidwe la gulu la chaka chatha, ndiye We compliment you on. Pali kachizindikiro kena pamenepa. Compliment akakhala mneni amakonda kutsatana ndi munthu kenako on, kuyamikira uje pa chakuti. Complement satenga on wotere, amangolunjika pa chinthu chomwe akuchikwaniritsa.

Ndasiyira dala staff compliment wa mu mzere wachiwiri, chifukwa ndi amene amavuta kwambiri m'makalata opita kwa akuluakulu a zamaphunziro. Anthu ambiri sadziwa kuti complement alinso ndi tanthauzo la chiwerengero chokwanira cha anthu ogwira ntchito pamalo. Staff complement ndi chiwerengero cha aphunzitsi ndi antchito, ndipo full complement ndi pomwe malo onse ali ndi anthu. Muyeso wathu ukugwirabe: tikunena za kukwanira kwa anthu, osati kuwatama. Kalata yopempha aphunzitsi owonjezera imayembekezera chiganizo chimenechi kuti ndicho chigwire mtima wa woiwerenga, ndiye si pabwino kuti chilema chikhale pomwepo.

Pali malo amodzi pomwe muyeso wa Chichewa umafuna kusamala. Osindikiza mabuku akatumiza buku limodzi laulere kuti aphunzitsi alione, limatchedwa complimentary copy, ndi i. Munthu akhoza kuganiza kuti bukulo likudzawonjezera pa omwe tili nawo, n'kulemba e. Ayi. Laperekedwa ngati ulemu, ngati mphatso, ndipo ulemu ndi wa ku banja la kuyamikira. Choncho pa mndandanda wa i tiikepo mawu atatu: kuyamikira, moni, chaulere. Kapepala kaja kamabwera ndi katundu kolembedwa With Compliments ndi ka moni. Compliments of the season a pa Khirisimasi ndi moninso. Koma mabuku omwe bungwe latipatsa kuti awonjezere pa omwe boma linatumiza, m'kalata yothokoza tidzati they complement, ndi e. Buku limodzi lomwelo likhoza kukhala complimentary chifukwa sitinalipire, n'kukhalanso complementary chifukwa ladzaza mpata m'laibulale. Funso n'lakuti chiganizo chanucho chikunena ziti.

Ena adzati bola uthenga wamveka. N'zoona kuti mkulu wa koleji akalandira kalata yolembedwa The Principle sasokonezeka, amadziwa kuti ndi yake. Koma taganizani za mwana wathu amene wakhoza MSCE movutikira, akuwerengera nyali, ndipo akufunsira malo ophunzira uphunzitsi. Kalata yake ili pa mulu wa makalata ena ambiri. Mawu oyamba omwe woiwerenga akuwaona ndi udindo wa mkulu wa pamalopo, olembedwa molakwika, kuchokera kwa munthu amene akufuna kukaphunzitsa ana. Sindikunena kuti amukana chifukwa cha chimenecho chokha. Ndikunena kuti mwana wakumudzi alibe amalume kuofesi oti akamuyankhulire, pepalalo ndiye mlomo wake. Ndipo kwa ife aphunzitsi, kalata ikabwezedwa kuti ikakonzedwe, si nkhani ya mphindi ziwiri ngati m'tauni. Ndi kabaza kupita kumsika komwe kuli pulinta, kudikira magetsi, kulipira kusindikiza, kubwerera kuti ahedi asayine ndi kudinda, kenako ulendo wina wa kuboma.

Nanga kompyuta siigwira zimenezi? Apa ndi pomwe ambiri amagonera. Kamzere kofiira ka mu Microsoft Word kamatuluka pansi pa mawu omwe mulibe m'dikishonale yake. Mukalemba prinsipal kadzatuluka. Koma principle ndi mawu enieni a Chingerezi, olembedwa bwinobwino, kungoti ali pamalo pa eni ake. Word wamakono nthawi zina amaika kamzere ka buluu pokayikira, koma nthawi zina amangodutsa, ndipo makompyuta ambiri a m'masukulu mwathu ndi akale. Foni ndiye imaonjeza moto: mukangolemba zilembo zoyambirira imakupatsani mawu oti musankhe, chala n'kugwera pa omwe ali pafupi. Kalata yopanda kamzere kofiira siinayesedwe pa mawu anayiwa.

Chomwe kompyuta imachita bwino ndi kusaka. Kalata ikatha, dinani Ctrl ndi F pamodzi, ndipo m'kabokosi kotulukako lembani zidutswa izi, chimodzi pa nthawi:

```
princip
compl
```

Chidutswa choyamba chidzakuonetsani principal, principle, principals, principles ndi principally yemwe, paliponse pomwe ali. Chachiwiri chidzakoka complement ndi compliment pamodzi ndi ena osalakwa monga complete ndi complain, omwe mungowadumpha. Ubwino wolemba chidutswa m'malo mwa mawu athunthu ndi woti simukusaka cholakwa chomwe mukuchiganizira kale, mukuona malo onse. Pa malo aliwonse omwe awala, funsani funso lija: mkulu kapena mfundo? kukwaniritsa kapena kuyamikira? Kalata ya tsamba limodzi siitenga mphindi ziwiri.

Chenjezo langa lili pa batani lolembedwa Replace All. Munthu akauzidwa kuti walakwitsa principle, amapsa mtima n'kulamula kompyuta kuti isinthe principle yense akhale principal. Pa kalata yathu ija, zimenezi zikanakonza mizere iwiri yoyamba, n'kusiya in principal ali chomwecho. Pa lipoti la dipatimenti ya sayansi zikanasandutsa lamulo la Archimedes kukhala mkulu wa koleji. Malo aliwonse aweruzidwe paokha.

Kwa olemba pamanja, ndipo ana athu ambiri amalemba pamanja, njira ndi pensulo. Pa kalata yoyeserera, mwana azungulize mawu aliwonse mwa anayiwa ndipo pamwamba pake alembe Chichewa chake. M'kalasi la Fomu 4 ndimalemba mawu anayi pa ngodya ya bolodi, mkulu, mfundo, kukwaniritsa, kuyamikira, ndipo amakhala pamenepo sabata yonse yomwe tikuphunzira kalata za ntchito. Ndikawerenga chiganizo mokweza, ana sayankha ndi zilembo poyamba, amayankha ndi Chichewa, kenako ndiye zilembo. Ndaona kuti mwana akangonena "mfundo" ndi pakamwa pake, dzanja silipitanso ku al. Ndikawafunsa zilembo mwachindunji amangolota, ndipo pa zinthu ziwiri wolota amakhoza theka, zomwe zimanamiza mphunzitsi kuti theka la kalasi lamva.

Chomaliza chofunika kuchiyang'ana ndi makalata akale. Pasukulu sitilemba kalata kuchokera pachiyambi kawirikawiri. Timatsegula ya chaka chatha pa fulashi, n'kusintha tsiku ndi dzina. Kumsika kwathu, pamalo ena otaipira, panali kalata imodzi yofunsira malo kukoleji yomwe mnyamata wotaipa ankangosinthamo dzina la mwana ndi mapointi. Pamwamba pake panali The Principle. Ana athu angapo anabwera nayo kuti ndiwaonere, aliyense payekha, ndipo cholakwa chinali chomwecho pamalo omwewo, mpaka ndinapita kukaona gwero lake. Kukonza pepala lomwe mwana wagwira m'manja kunali kuthyola masamba, tsinde lili chilili. Tinakonza fayilo yeniyeniyo pa kompyuta yake, ndipo za pafulashi ya sukulu tinazisaka tsiku limodzi masana, fayilo ndi fayilo, ndi zidutswa ziwiri zija.

Posaka musaiwale kuti maso amadumpha malo ena chifukwa amaoneka ngati si mbali ya kalata: keyala ya pamwamba, mzere wa mutu woyamba ndi RE womwe umalembedwa m'zilembo zazikulu, ndi mzere wa pansi wosonyeza omwe alandire makope. Zilembo zazikulu n'zoopsa mwapadera, chifukwa PRINCIPLE ndi PRINCIPAL amaoneka ngati njerwa ziwiri zofanana, ndipo Word amakhala atatcheredwa kale kuti asayese mawu olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha. Kenako pali envulopu. Imeneyi imalembedwa pamanja, pomalizira, kawirikawiri ndi munthu wina amene sanaone kalata yokonzedwayo, ataimirira, wakabaza akuliza belu panja. Ine ndimapempha kuti envulopu izibwera pa tebulo langa pamodzi ndi kalata, isanamatidwe.